Batire ya sola: wogulitsa wa ku Tete ndi mayi a ku Moatize, ndagulako konse

Anthu akhala akundifunsa pabenchi yanga yochajira mafoni kuno ku Ulongwe, ku Mozambique, kuti batire yomwe ndikugwiritsa ntchito panoyi ndinaigula kwa yani. Ndiyankhe kamodzi, chifukwa pa miyezi isanu ndagula mabatire awiri kwa anthu awiri amene sindinaonanepo nawo maso ndi maso. Onse ndinawapeza pa Facebook, nkhani tinakambira pa WhatsApp, ndalama ndinatumiza pa M-Pesa. Mabatire onse awiri analembedwa 12V 100Ah, kutanthauza mavoliti 12 ndi kuchuluka kwa magetsi amene batire imasunga, onse akuti ndi a jelo, omwe asidi wake amakhala ngati phala osati madzi. Woyamba ndi mnyamata wa mumzinda wa Tete, wachiwiri ndi mayi ena a ku Moatize. Mayina awo sinditchula.

Pa kufulumira, mnyamata wa ku Tete palibe womuposa. Ndinalipira Lachiwiri m'mawa, Lachitatu madzulo batire inali itatsika pa shapa, minibasi ya kuno. Mayi aja anandiuza masiku anayi, koma ndinadikira masiku asanu ndi anayi, akuti katundu wawo anachedwa kuchokera ku Beira.

Pa mtengo zinkaonekanso ngati mnyamatayo ndiye wabwino. Iye anati mametikali 7,000, mayiwo anati 11,500. Koma shapa itafika, kondakitala anakana kundipatsa katundu mpaka nditapereka 500 ya ulendo. Ndinaimbira mnyamatayo pomwepo, iye nkuti, "Achimwene, ya thiransipoti imakhala ya wogula, nanga simukudziwa?" Sanatchulepo zimenezo tikukambirana. Anali atandiuzanso kale kuti ndionjezere kandalama koti achotsere ndalamayo kwa ajenti. Mayi a ku Moatize anandipatsa mtengo umodzi, ya shapa ili momwemo, ndipo anatumiza nambala ya galimoto ndi ya dalaivala batire isanadutse pa Musakama. Ine ndinangosaina m'kabuku nkunyamula.

Koma 500 ija siinandipweteke ngati zimene zinatsatira.

Tsiku limene batire yoyamba inafika ndinaiyeza ndi kamita kanga, inaonetsa mavoliti 13. Pulasitiki yonyezimira, chizindikiro chatsopano. Usiku womwewo ndinalemba m'gulu lathu la pa WhatsApp kuti mnyamatayu ndi wodalirika, amayankha msanga, katundu amafika pa nthawi yake. Zonsezo zinali zoona. Chimene ndinali ndisanachione ndi ntchito ya batireyo. Mlamu wanga wa ku Domwe anawerenga mawu angawo nkugulanso yake kwa munthu yemweyo, ndalama zake za mbatata ya kachewere. Mpaka lero tikakumana nkhaniyi imandilemera.

Patatha milungu iwiri, inveta, chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, inayamba kulira kuchenjeza kuti batire yatsika nthawi ya 8 koloko usiku, pamene dzuwa linali litawala tsiku lonse. Poyamba ndinkaganiza kuti vuto ndi panelo kapena mawaya. Mnzanga wina amene amamanga masola ndi amene anandiuza kuti batireyo ndiikweze pasikelo. Ndinapita nayo kwa ogula chimanga, sikelo inati makilo 17. Batire ya mtovu ya 100Ah yeniyeni, kaya ya jelo kaya ya madzi, imalemera makilo pafupifupi 30, chifukwa mphamvu imasungidwa m'mapuleti a mtovu, ndipo mtovu ndi wolemera. Chizindikiro munthu akhoza kumata chilichonse, koma kulemerako sangakubise pokhapokha atathiramo zina. Izi ndi za mabatire a mtovu okha. A lifiyamu ndi opepuka mwachibadwa, musakawakane chifukwa cha sikelo.

Mavoliti 13 aja nawonso anandipusitsa. Batire ikangochotsedwa kumene pachaja imaonetsa nambala yokwera ngakhale ili yotopa. Muyenera kuisiya ipume maola angapo osalumikiza kanthu, pamenepo yodzaza bwino imakhala cha pa 12.7 kapena 12.8. Ndipo ngakhale nambala imeneyi imangokuuzani kuti yadzaza, siikuuzani kukula kwa chimene chadzazacho. Kapu yodzaza ndi ndowa yodzaza zonse nzodzaza.

Kuyeza kwenikweni nkoipatsa ntchito. Tinatenga babu la kutsogolo kwa galimoto la mawati 55, lomwe limakoka maampu pafupifupi anayi ndi theka. Tinaichaja batire mpaka kudzaza, tinaipumitsa, kenaka tinalumikiza babulo nkuyang'ana wotchi. Asanathe maola anayi kuwala kunali kutafiira, mita ikuonetsa pansi pa mavoliti 11. Werengani nokha: maampu anayi ndi theka kwa maola anayi sizikwana ndi 20Ah zomwe. Batire ya makilo 17 ikanakhala yatsopano ikanapirira kuposa apo kwambiri. Ndiye kuti inali yaing'ono komanso yogwirapo kale ntchito, angoipukuta nkuimata chizindikiro china.

Apa mpamene ndinadziwira kuti kuyankha msanga ndi kulankhulana bwino nzosiyana. Ndisanalipire, mnyamata uja ankayankha mphindi yomweyo, "Bwana wanga, musadandaule." Nditamutumizira chithunzi cha sikelo ndi kanema wa babu, anati ndaiononga ndekha ndi inveta. Kenaka anati ndiitumize ku Tete pa ndalama zanga akaione. Nditafunsa ngati adzandibwezera ndalama ikapezeka yolakwika, mauthenga anga anayamba kungowerengedwa osayankhidwa.

Mayi a ku Moatize amachedwa kuyankha, nthawi zina uthenga wa m'mawa amauyankha usiku. Ndipo ndili nawo chifukwa chimodzi: masiku anayi atadutsa sanandiuze okha kuti katundu wachedwa, ndinachita kuimba ine, mtima uli m'mwamba poti ndinali nditapsa kale. Chimenecho ndinawauza, anapepesa. Koma nditawapempha, ndisanalipire, kuti aike batire pasikelo anditumizire chithunzi, sanakwiye. Anati, "Bambo, yomwe ndili nayo pano ndi ya wina, koma ndi mtundu womwewo, onani." Sikelo inati makilo 29 ndi theka. Analembanso mu uthenga kuti ikalephera pasanathe miyezi isanu ndi umodzi adzaisintha, bola ndisamaimalize mpaka kuzima. Mawu amenewo ndinawasunga.

Yawo itafika ndinaiyesa ndi babu lomwe lija. Maola asanu likuwala mofanana, ndipo itapuma inaonetsa mavoliti 12.4. Lero yatha miyezi itatu, imachaja mafoni tsiku lonse, makina ometera akugwira, usiku mababu atatu akuyaka mpaka titagona.

Sindinawayamikire m'gulu tsiku limene katundu anafika. Ndinadikira mwezi wathunthu, kuphatikizapo masiku atatu a mitambo. Polemba ndinasiyanitsa zinthu: kuti anachedwa ndi masiku asanu ndipo sanandichenjeze, kuti mtengo umene ananena ndi umene ndinalipira, kuti batire inalemera makilo mwakuti ndipo inapirira maola mwakuti. Uthenga wanga wakale woyamikira mnyamata uja ndinaubwerera nkulemba pansi pake za sikelo, za babu ndi za 500 ija, osamutukwana, koma kufulumira kwake sindinakufute poti kunali koona.

Ukaphatikiza, batire yotchipa inandidyera mametikali opitirira 7,500 nkundigwirira ntchito milungu iwiri. Amene mukufuna batire, pitani kwa mayi a ku Moatize, muonjezere masiku pa amene angakuuzeni, ndipo chithunzi cha sikelo muchipemphebe ngakhale ndawayamikira ine. Batire ya mlamu wanga tinaiyezanso Loweruka lapitali, inalemera makilo 16, ndipo ndamulonjeza kuti tikakolola ndidzamuthandiza theka la yatsopano.