Kuphunzitsa "since" ndi "for": Chichewa chibwere poyamba kapena pomaliza?

Pa phunziro la mphindi 40 mu Sitandade 6, njira ina ndi kuyamba ndi mphindi zisanu za Chichewa: "since" ndi "kuyambira", "for" ndi "kwa". Kenako Chingerezi chokhachokha. Ana amamva msanga, koma vuto limabisala mu mneni. Poti timati "Ndikukhala kuno kuyambira 2020", mwana amalemba "I am living here since 2020", kusiya "have lived".

Njira yachiwiri, mphunzitsi amalemba ziganizo zisanu ndi chimodzi za Chingerezi pa bolodi, ana apeze okha lamulo, Chichewa chibwere pomaliza pofunsa za munthu wa m'ziganizozo: "Kodi munthuyu akukhalabe pano?" Imadya nthawi, ndipo m'kalasi la ana 90 akumbuyo amangokopera. Komabe pa mutu uwu ndiyo yabwino, chifukwa funsolo limagunda pomwe zilankhulo ziwirizi zasiyana.