Mpata wa mamilimita 13 kapena wa 40 pakati pa magalasi?

Mu June kuno ku Harare kumazizira, ndiye mnansi wanga ku Mbare akufuna zenera la magalasi awiri. Akuti mpata ukakula, chisanu chichepa. Ndamuletsa.

Mpweya wokhazikika sudutsitsa kutentha msanga: k yake, muyeso wa mmene chinthu chimadutsitsira kutentha, ndi pafupifupi 0.026 W/m·K. Pa mpata wa mamilimita 13 mpweya umakhala ngati wamangidwa, kutentha kumangowoloka pang'onopang'ono.

Pa mamilimita 40 zimasintha. Mpweya wokhudza galasi lofunda umakwera, wokhudza lozizira umatsika, nuzungulira ngati madzi mumphika, kunyamula kutentha. Akatswiri amautenga ngati mpweya wokhazikikabe, koma wokhala ndi k yokulirapo: k_eff = k × Nu. Nu ndi nambala yosonyeza mmene kuzungulira kwa mpweya kumachulukitsira kudutsa kwa kutentha. Nu ikakhala 1, mpweya sukuyenda. Ikafika 3, mpweyawo ukudutsitsa kutentha katatu kuposa wokhazikika.

Taonani tsono: mpata wakula katatu, k_eff nayonso yakula pafupifupi katatu. Kutentha kotayika kumatsata k_eff yogawidwa ndi kukula kwa mpata, choncho phindu palibe, mwangolipira felemu yokhuthala.

Ine ndingasankhe wa 13. Koma osaupanikiza mpaka mamilimita 6, pamenepo kutentha kowoloka mumpweyawo kumaposa kawiri poyerekeza ndi pa mamilimita 13.