Khadi la Ndalama Zinayi: pa chikondi ndi pa ntchito

Pa makhadi 78 a taroti, amene ena amawagwiritsa ntchito polosera, pali lina lotchedwa Ndalama Zinayi. Mu mpukutu wa makhadi umene anajambula Pamela Colman Smith, wotuluka mu 1909, khadili likuonetsa munthu atakhala pansi, ndalama imodzi waikumbatira pachifuwa, ina ili pamutu, ziwiri waziponda. Tanthauzo lake ndi limodzi: kugwiritsitsa chimene uli nacho.

Wina akafunsa kuti, "Kodi ndisiye ntchitoyi?", wowerenga makhadi amalitenga monga lilili, chifukwa gulu la makhadi a Ndalama limanena za chuma ndi ntchito. Amaona malipiro odalirika, kusunga, udindo wokhazikika. Choipa chake n'chochepa: munthuyo angakane mwayi watsopano poopa kutaya zimene wazolowera.

Funso likakhala lakuti, "Bwanji wokondedwa wanga wazizira?", ndalama ija imasanduka fanizo. Chogwiritsitsidwacho tsopano ndi munthu, ndipo munthu sakondwa kupanidwa ngati khobidi. Apa owerenga amaona nsanje, kulondalonda mnzako, kapena mtima wotsekeka, poti manja onse ali pa chuma, palibe lotsala lolandirira wina. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ndiyo yoluma, chifukwa khalidwe lomwelo limene kuntchito amalitcha kusamala, m'chibwenzi limatchedwa kupondereza.

Zimasokonekera funso likakhala losakanikirana, monga la mkazi amene akuganiza zosamuka chifukwa cha ntchito pamene bwenzi lake likukana. Wowerenga akayamba kulumphalumpha pakati pa "sunga" ndi "masula", dziwani kuti mafunsowo ndi awiri, ndipo lililonse likufunika khadi lake.