Kuyamwitsa, jakisoni kapena za pamkono: nditabereka ndidalire chiti?

Amayi anzanga, funso ili mwandifunsa kokwanira, ndiye ndiyankhe pamodzi. Kuyamwitsa ndi njira yeniyeni yolera, ndipo sikulira ndalama kapena ulendo wa kuchipatala. Mwana akamayamwa pafupipafupi, thupi limaletsa dzira kukhwima. Pa amayi 100 odalira njirayi m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, pafupifupi awiri okha ndiwo amatenga pakati. Koma zimandipweteka kuti anthu amangonena kuti "woyamwitsa satenga mimba", osatchula zinthu zitatu zimene ziyenera kukhalapo nthawi imodzi: mwana asanakwane miyezi 6, mayi asanayambirenso kusamba, ndiponso mwana akuyamwa mwakathithi usana ndi usiku. Chimodzi chikasoweka, chitetezo chatha.

Chachitatucho ndicho chimagwetsa ambiri. Masana pasadutse maola anayi mwana asanayamwe, usiku pasadutse maola 6. Mng'ono wanga anabwerera ku geni mwana ali ndi miyezi itatu. Ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo, kunyumba agogo akumwetsa mwana madzi ndi dawale. Mwana wokhuta phala ankagona usiku wonse, aliyense n'kumati ndi mwana wabwino. Mng'ono wangayo sanaone msambo, choncho mtima unali m'malo. Palibe anamuuza kuti dzira likhoza kutuluka msambo woyamba usanaoneke, makamaka kuyamwa kukachepa. Anatumbiza mwana asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Za msambo nazo zimasokoneza. Magazi otuluka m'masabata 8 oyamba mutachira sawerengedwa. Koma masabatawo akadutsa, mukaona magazi masiku awiri otsatizana, dziwani kuti mwayamba kusamba, ngakhale mwana akuyamwa bwino chotani. Ndipo mwana akakwana miyezi 6 njirayi yafika pamapeto, kaya mwasamba kaya ayi, chifukwa ndi nthawi yoti ayambe zakudya zina.

Jakisoni wa Depo woyamwitsa amayamba pakatha masabata 6, n'kumabaya miyezi itatu iliyonse. Vuto lake, ena amachedwa kutenganso pakati akasiya. Za pamkono zimaikidwa ngakhale musanatuluke m'chipatala ndipo zimagwira zaka zitatu kapena zisanu, kungoti msambo umatha kusokonekera. Lupu amaika pasanathe maola 48 mutabereka, apo ayi mudikire masabata anayi. Mwa njira zonse zolera, kondomu yokha ndiyo imatchinga HIV ndi matenda opatsirana pogonana.

Ngati mukhala ndi mwana tsiku lonse ndipo palibe womupatsa madzi mwamseri, dalirani kuyamwitsa, koma mukapita ku sikelo sankhiranitu njira yolowa m'malo mwana asanafike miyezi 6. Ngati muli pantchito, kusukulu kapena pamsika, ine ndimasankha za pamkono, ndipo bere mupitirize kumupatsa mwana monga mwa masiku onse, chifukwa njira imeneyi siumitsa mkaka.