Google Translate, dikishonale kapena kufotokoza wekha: njira iti imatulutsa chithunzi chomwe uli nacho m'mutu?

Tiyerekeze kuti mukufuna Stable Diffusion, pulogalamu yojambula zithunzi kuchokera pa mawu amene mwalemba, ikujambulireni izi: mayi wabereka mwana, akusinja chimanga mumtondo pakhonde. Mitundu yoyamba ya pulogalamuyi inaphunzira pa zithunzi zomwe mawu ake ndi achingerezi, choncho mukailembera m'Chichewa imangolota. Lamulo lanu, lomwe ambiri amati pulomputi, liyenera kukhala m'Chingerezi. Funso ndi lakuti mulifikitsa bwanji kumeneko.

Njira yachangu ndi Google Translate, yomwe ili ndi Chichewa kuyambira 2014. Imagwira bwino ndondomeko ya chiganizo: ndani akuchita chiyani, kuti. Pomwe imaterereka ndi pa mawu a matanthauzo awiri. "Wabereka mwana" atha kumveka kuti wachira kumene, ndiye mmalo mwa mwana kumsana mulandira chithunzi cha kuchipatala. Komanso "akusinja" sanena ngati wosinjayo ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo mukapanda kutchula, makina amasankha okha. Ena amati bwezerani Chingerezicho ku Chichewa kuti muone ngati chili bwino. Musadalire zimenezo: cholakwika chimatha kupita ndi kubwerera osaoneka.

Dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi imaposa pamenepa chifukwa imakuyalirani matanthauzo onse, inu n'kusankha. Koma imapereka liwu lolondola kwa munthu, osati kwa makina ojambula. Mtondo ndi `mortar`, palibe angatsutse. Vuto ndi lakuti pa intaneti liwu limeneli limayimiranso matope a simenti omangira njerwa, mfuti yoponya mabomba, ndi kambale kosinjira adyo kukhitchini. Mtondo wathu wamtengo ndi wosowa pakati pa zithunzi zimenezo. Chimanga nacho mukangoti `corn` chimabwera chachikasu, nthawi zambiri chili pachitsononkho.

Njira yachitatu ndiyo yochedwa, ndipo ndiyo yopambana pa zinthu zakwathu. Musamasulire chiganizo. Chiphwanyeni kukhala zinthu zooneka ndi maso, chilichonse muchifotokoze ngati mukuuza mlendo amene sanafikepo kumudzi: chapangidwa ndi chiyani, kukula kwake, mtundu wake, munthu wachigwira motani. Liwu lililonse lomwe mwapeza liyeseni kaye mu Google Images. Ngati zithunzi zoyambirira sizikufanana ndi chinthu chanu, pulogalamu yojambulanso ichiphonya.

Chitenje ndi chitsanzo chabwino. Lembani `wrapper` ndipo mupeza mapepala okutira maswiti ambirimbiri. `African wax print fabric` imabweretsa nsalu yeniyeniyo, ndipo `kitenge`, dzina la ku Kenya ndi Tanzania, lili ndi zithunzi zambiri kuposa dzina lathu. N'chimodzimodzi nsima: `porridge` ndi phala la azungu, pomwe `ugali` imayandikira. Zimawawa kubwereka dzina kwa aneba, koma makina amadziwa zomwe anaona kwambiri.

Kumasulira liwu ndi liwu kungakupatseni ichi:

```
a woman with a child pounding corn in a mortar
```

Kufotokoza kumapereka ichi:

```
Malawian woman standing, pounding white maize kernels in a tall carved wooden mortar with a long wooden pestle held in both hands, baby tied on her back with African wax print cloth, veranda of a brick house
```

Onani `standing` ndi `held in both hands`. M'Chichewa sitinena zimenezi chifukwa aliyense amadziwa mmene munsi umagwiridwira. Makina sadziwa, ndipo popanda mawu amenewa amakonda kumukhazika mayiyo pansi ndi kamunsi ka dzanja limodzi. `baby` walowa mmalo mwa `child` kuopa kuti angaberekedwe mwana wa Sitandade 3.

Kufotokoza kuli ndi malire ake. CLIP, gawo lomwe limawerenga mawu mu Stable Diffusion 1.5, limatenga tizidutswa ta mawu 77 tokha, totchedwa matokeni, ndipo mapulogalamu ena amangodula zotsalazo osakuuzani. Liwu wamba lachingerezi limadya tokeni imodzi, koma liwu lachilendo ngati `mtondo` limagawika m'tizidutswa tingapo topanda tanthauzo kwa makinawo. Choncho zofunika ziikeni kumayambiriro, ndipo musataye malo ndi mawu ngati `please draw`.

Poyesa ngati liwu likugwira ntchito, siyani nambala ya `seed`, yomwe imasankha poyambira chithunzi, momwe ilili n'kusintha liwu limodzi lokha. Mukasintha atatu pakamodzi simudziwa lomwe lakonza kapena kuwononga chithunzi.

Pa chinthu chopezeka paliponse, monga basi, ofesi kapena galu, Google Translate ikukwanirani. Dikishonale itsekuleni mukakayikira liwu. Koma pakangolowa mtondo, lichero, mbaula kapena nkhokwe, fotokozani nokha ndipo muyese mawuwo pa zithunzi musanajambule.