Pawabanki, UPS kapena invetala: chimene chimathandiza wojambula kanema magetsi akazima

Tiyerekeze kuti munthu wajambula ukwati Loweruka, ndipo akufunika maola 6 kuti akonze kanemayo pa laputopu imene imadya mawati pafupifupi 60. Ntchitoyo ikufuna mphamvu yokwana 360 Wh, kutanthauza mawati 60 kuchulukitsa ndi maola 6, ndipo nambala imeneyi ndiyo muyeso wa zipangizo zitatuzi.

Pawabanki yolembedwa 20,000 mAh imasunga 74 Wh zokha, chifukwa mabatire a m'kati mwake ndi a 3.7 V, ndipo ina mwa mphamvuyo imatayika potchaja. Kumalo ojambulira imagwira ntchito yotamandika, popeza batire la kamera monga NP-FZ100 limasunga pafupifupi 16 Wh, choncho ikhoza kulidzaza katatu. Pa laputopu imatha pa ola limodzi, ndiponso iyenera kukhala ya USB-C PD yotulutsa mawati 65, apo ayi laputopuyo imangoonetsa kuti ikutchaja pamene batire likutsikabe.

UPS yaing'ono ya 650 VA, kabokosi ka batire koteteza kompyuta kuti isazime magetsi akathawa, imanamiza anthu ambiri. Kawirikawiri batire lake ndi la 12 V 7 Ah, ndipo kompyuta ya patebulo imalimaliza m'mphindi zochepa. Ntchito yake ndi kukupatsani mpata woseva ndi kuzimitsa makina bwinobwino, osati kupitiriza kukonza kanema.

Invetala yokhala ndi batire la 12 V 100 Ah ndiyo imakwanitsa ukwati uja. Batire lotere limasunga 1,200 Wh, koma ngati ndi la asidi muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha kuti lisafe msanga, ndipo mukachotsanso zimene invetala imataya mumatsala ndi pafupifupi 500 Wh. Amenewo ndi maola 8 pa laputopu, koma kompyuta ya patebulo ya mawati 200 singadutse maola atatu. Vuto lake ndi lakuti batirelo limatenga maola ambiri kuti lidzaze, motero kumene magetsi amayaka pakati pa usiku pokha, sola imafunika. Ine ndimaona kuti laputopu ndi invetala ndizo zoyenera kuyambira, ndipo magetsi akangoyaka mabatire a kamera atsogole, chifukwa kukonza kanema kungadikire koma mkwatibwi salowa m'tchalitchi kawiri.

Pa nkhani yoseva, mapulogalamu amasiyananso. DaVinci Resolve ili ndi `Live Save`, imene imasunga kusintha kulikonse nthawi yomweyo, pamene mu Premiere Pro ndi bwino kuika `Auto Save` pa mphindi 5 n'kuzolowera `Ctrl+S`. Zonsezi zimateteza polojekiti yokha. Fayilo ya MP4 imene yadukira pakati, kaya pojambula kapena potulutsa kanema womaliza, nthawi zambiri imakana kutseguka, chifukwa gawo lolozera zithunzi limalembedwa kumapeto. N'chifukwa chake kamera yolumikizidwa ku pawabanki iyenera kukhalabe ndi batire lake m'kati ngati imalola kutero, ndipo kanema wautali atulutsidwe m'zigawo, kuti magetsi akathawa mubwereze chigawo chimodzi chokha.