Njinga m'sitima za ku Ulaya: yathunthu, yomasula kapena yopinda?

Kuno ku Mzuzu njanji kulibe. Ya m'dziko muno imadutsa ku Blantyre, Balaka, Salima, Lilongwe mpaka ku Mchinji, kumpoto siinafike. Ndiye ambiri a ife katundu tinazolowera kumunyamula mwa pa depoti: kondakitala amayang'ana thumba, kutchula mtengo, inu kunenerera, njinga n'kukwera pamwamba. Amene mukupita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ku Ulaya, dziwani kuti m'sitima za kumeneko mulibe wonenerera naye. Zonse zimathera pa masentimita ndi pa zimene munabukitsa pogula tikiti. Nditenga sitima za ku Falansa ngati chitsanzo chifukwa malamulo awo ndi olembedwa ndi manambala, za mayiko ena ndizitchula podutsa.

Tiyambe ndi masutikesi, poti ndi amene amalamula zonse. Kuyambira mu 2024, m'sitima zothamanga za TGV INOUI munthu mmodzi amaloledwa zikwama ziwiri zikuluzikulu, chilichonse chosapitirira masentimita 90 x 70 x 50, ndi kachikwama ka m'manja ka 40 x 30 x 15. Sayeza makilogalamu, koma muyenera kutha kunyamula zonse nokha pa ulendo umodzi, ndipo chikwama chilichonse chikhale ndi dzina lanu. Mukapyola malire, chindapusa chimayambira pa mayuro 50. Sutikesi ya m'ndege ya makilogalamu 23, ya pafupifupi 75 x 50 x 30, imalowa bwinobwino.

Njira yoyamba ndi kukweza njinga yathunthu. Pa TGV INOUI malo ake ndi mayuro 10, ndipo mumawagula nthawi imodzi ndi tikiti yanu. Ubwino wake n'ngoonekeratu: simugwira sipanala, mukatsika mumangopalasa. Vuto ndi lakuti si sitima zonse zili ndi malowa, ndipo zimene zili nawo ndi ochepa kwambiri. Choncho pofufuza pa SNCF Connect, tsamba la pa intaneti logulirapo matikiti a sitima za ku Falansa, muyambe mwaonetsa kuti muli ndi njinga, kenako musankhe pa sitima zimene zatsalapo. Mukagula kaye tikiti yotchipa n'kumaganiza za njinga pambuyo, mungapeze kuti sitima yanu siilandira n'komwe. Ku Jeremani ndi chimodzimodzi: pa sitima zawo zothamanga za ICE pamafunika tikiti ya njinga ndi malo obukitsa, ndipo ICE 4 ili ndi malo a njinga asanu ndi atatu okha. Ku Britain njinga siilipiridwa, koma makampani angapo a maulendo ataliatali amafuna mubukitsiretu, ndipo sitima zolowa mu London m'mawa pa nthawi ya opita kuntchito nthawi zambiri zimakana njinga zosapinda.

Pali kanjira kam'mbali: sitima za m'zigawo, zotchedwa TER. M'madera ambiri njinga imakwera ulere popanda kubukitsa, malinga malo alipo, ngakhale zigawo zina zimafuna kubukitsa nyengo yotentha. Zimachedwa, ndipo ulendo wautali umafuna kusintha sitima kangapo, kukwera ndi kutsika masitepe njinga ili paphewa.

Njira yachiwiri ndi kumasula njinga n'kuiika m'chikwama chake. Apa pa TGV INOUI simulipira, simubukitsa, ndipo mukhoza kukwera sitima iliyonse. Malire ndi masentimita 130 x 90. Anthu amakodwa pawiri.

Poyamba ndi pa muyeso. Njinga ya munthu wamkulu imatalika pafupifupi masentimita 180. Mukachotsa teyala lakutsogolo lokha, zotsalazo nthawi zambiri zimapitirirabe 130. Muchotse mateyala onse awiri, muwamangirire mbali ndi mbali ya felemu, mutembenuze handulo, mutsitse chishalo. Ngati njingayo ili ndi kaliyala ndi madigadi, monga za Sacramento zathu zija, nazonso zichoke, chifukwa zimatulukira kumbuyo ngakhale teyala palibe. Mapedulo amamasuka ndi sipanala ya 15, koma lakumanzere limamasukira mbali yosiyana ndi mabawuti wamba. Mukaona likulimbirabe, mukulimanga. Kachitsulo kosintha magiya kumbuyo mukakulunge ndi nsalu, kakapindika magiya amayamba kulumpha. Katoni imene m'sitolo amagulitsiramo njinga musaidalire, zambiri n'zazitali kuposa 130.

Pachiwiri, ndipo apa m'pamene ambiri saona, njinga ya m'chikwama siiwonjezera pa masutikesi awiri aja. Imalowa m'malo mwa imodzi. Lamulo likuti masutikesi awiri ndi ka m'manja, kapena sutikesi imodzi, katundu wapadera mmodzi ndi ka m'manja. Gitala, chikuku cha mwana chopinda ndi zina zotero zili m'gulu lomwelo la katundu wapadera.

Tiyerekeze mchemwali wanu wamaliza ku Mzuni, wakhala miyezi ingapo ku Paris, tsopano akusamukira ku Montpellier. Ali ndi masutikesi awiri amene anachoka nawo kuno, kachikwama ka kumsana ndi njinga imene wagula kumeneko. Akaimasula, akhala ndi zinthu zikuluzikulu zitatu pamene malire ndi ziwiri: mayuro 50 apita, njinga yogula kwa munthu mwina siinafike n'komwe mtengo umenewo. Akaitenga yathunthu, manja ndi awiri, sangakankhe njinga akukoka masutikesi awiri. Zotheka n'zitatu. Atumize sutikesi imodzi padera, kapena ayende ndi mnzake wopanda katundu wambiri amene angaitenge ngati yake, kapena agulitse njingayo akagule ina komwe akupita. Ine ndingamuuze zachitatuzi, pokhapokha njingayo ili yodula.

Wina angati bwanji OUIGO, sitima yothamanga ya matikiti otchipa? Imeneyo imachita zofanana ndi ndege zotchipa. Mtengo wa tikiti umangokupatsani kachikwama ka m'manja ndi kasutikesi ka 55 x 35 x 25. Sutikesi yaikulu iliyonse ndi yolipira padera, njinga ya m'chikwama nayonso. Lipirani pa intaneti musanapite, pa siteshoni mtengo umakwera kwambiri. Wa katundu wambiri aphatikize zonse asanakondwere ndi tikitiyo.

Njira yachitatu ndi njinga yopinda. Imapindika m'mphindi imodzi, siifuna sipanala, ku Jeremani ndi ku Britain imayenda ngati chikwama wamba popanda tikiti, ngakhale m'mawa muja. Kwa munthu wokwera sitima tsiku ndi tsiku palibe yoiposa. Kungoti yabwino ndi yodula, timateyala take n'tating'ono, ndipo musaganize zodzabwera nayo kuti muzinyamulira matumba a chimanga ku Ekwendeni. Pa TGV INOUI nayonso imawerengedwa pa katundu wanu, choncho mchemwali uja siikanamupulumutsa.

Opita ku Japani, kawerengedwe kumeneko n'kosiyana. Pa Shinkansen, sitima yawo yothamanga, ya pakati pa Tokyo, Osaka ndi Kyushu amaphatikiza utali, m'lifupi ndi msinkhu. Zikapitirira masentimita 160 mpaka 250, muyenera kubukitsa mpando wokhala ndi malo a katundu wamkulu. Kubukitsako sikuwonjezera mtengo wa mpandowo, koma mukalowa osabukitsa mumalipira mayeni 1,000. Sutikesi ija ya 75, 50 ndi 30 ikukwana 155, ndiye yadutsa, bola muyeze pamodzi ndi timateyala take. Njinga yathunthu pa Shinkansen siikwera: iyenera kumasulidwa kapena kupindidwa n'kulowa yonse m'chikwama chake, chishalo kapena handulo osatulukira kunja.